Ogulitsa akachuluka, mtengo umatsika mpaka pati?

Mu 1838, katswiri wa masamu wa ku France, Augustin Cournot, adalemba buku lofufuza zimene zimachitika eni akasupe a madzi ofanana akamapikisana. Aliyense amasankha yekha kuchuluka kwa madzi opita nawo kumsika, ndipo mtengo umadalira madzi onse amene afikako.

Nkhaniyi imamveka bwino ndi manambala ongoyerekeza. Botolo limodzi limadya K10 kulikonza. Mtengo umayambira pa K130, ndipo botolo lililonse lofika pamsika limautsitsa ndi K1.

Wogulitsa akakhala yekha, amaima pa mabotolo 60, mtengo nkukhala K70. Pamenepo botolo loonjezera lingamupatse phindu la pafupifupi K60, koma lingatsitsenso mtengo wa mabotolo ake onse 60 ndi K1. Zimene wapeza zimangofanana ndi zimene wataya, choncho saonjezera.

Wachiwiri akabwera, zinthu zimasintha. Atagawana mabotolo 60 aja pakati, aliyense angaone kuti botolo loonjezera likumupatsa K60 pomwe iye akutaya K30 yokha, pa mabotolo ake 30. K30 inayo akuluza ndi mnzake, ndipo zimenezo sizimusowetsa tulo. Onse awiri amaonjezera mpaka aliyense atafika pa 40. Pamsika pamakhala mabotolo 80, mtengo K50. Phindu la awiriwo pamodzi ndi K3,200, pomwe mmodzi uja ankapeza K3,600. Apatu m'pamene pagona nkhani yonse: wogulitsa akamachepa mphamvu pamsika, gawo lalikulu la kutsika kwa mtengo limagwera anzake, motero saopa kuthira katundu wambiri.

Akakhala atatu, aliyense amabweretsa 30, onse pamodzi 90, mtengo K40. Asanu amafikitsa 100 pa K30, ndipo 11 amafikitsa 110 pa K20. Aliyense akugulitsa zochepa kuposa kale, koma katundu yense akuchulukirabe. Malire ake ndi mabotolo 120 pa K10, pamene mtengo umafanana ndi ndalama zokonzera botolo. Ngakhale ogulitsa 119 amalekezera pa K11, osafika penipeni.

Chosangalatsa n'chakuti kutsika kwakukulu kumabwera ndi oyamba kulowa. Awiri oyambirira kudzapikisana naye yekha uja adula K30, koma kuchoka pa asanu kufika pa 11 kwangodula K10.

Masamuwa ali ndi polekezera. Amafuna kuti ogulitsa asamagwirizane. Akapangana zochepetsa katundu, monga amachitira mayiko a OPEC pa mafuta, mtengo umabwerera cham'mwamba. Komanso ngati kutsegula fakitale kumadya ndalama zambiri, msika sungadzaze, chifukwa phindu la aliyense limagwa msanga: pa ogulitsa 11 latsala K100 yokha. Ndipo mu 1883 Joseph Bertrand adatsutsa Cournot. Makampani akamapikisana podulirana mitengo m'malo mosankha kuchuluka kwa katundu, awiri okha ndi okwanira kugwetsera mtengo pa K10.