Mphika wakuda si wakale nthawi zonse: zoyang'ana musanatulutse ndalama

Ogulitsa ziboliboli ndi zaluso amadziwa kuti alendo amalipira bwino mphika kapena lichero lomwe lagwiradi ntchito pakhomo. Anthu ena ochenjera nawonso amadziwa zimenezi, ndipo amafukiza katundu watsopano ndi utsi kapena kumupaka polishi wa nsapato kuti aoneke wa makolo. Wamalonda amene wapikula wotere amataya mpamba, ndipo kasitomala akazindikira sabweranso.

Choyamba ndi kaumbidwe. Mphika wa kumudzi umaumbidwa ndi manja, choncho munthu akapisa dzanja m'kati amamva kuti pena mpochindikala, pena mpopyapyala. Wa pamakina umakhala ndi timizere tofanana tozungulira m'kati monse. Wa kumudzi amauotcha pamtetete ndi nkhuni, ndipo umatuluka ndi mawanga akuda ndi ofiira osasankha malo. Mawanga amenewa ndi a tsiku louotcha, sasonyeza ukalamba.

Ukalamba umaoneka pomwe ntchito inadya. Tiyerekeze kuti munthu wabwera ndi mphika wakuda bii, akuti agogo ake ankaphikiramo ndiwo. Wamalonda wodziwa amayamba wauvundikira. Mphika umene wakhala pamafuwa zaka zambiri umakhala ndi mwaye wokhuthala m'mbali, koma pansi penipeni pamakhala potuwa, chifukwa moto waukali umanyeketsa mwaye wa pamenepo. Pamakhalanso popekesekapekeseka pomwe unkakhudza mafuwa. M'kati mumaoneka zokanda za mthiko ndi za potsuka, ndipo kukamwa kumakhala kosalala ndi kokumbuka pang'ono. Ngati mphika uja wada mofanana kuyambira pansi mpaka kukamwa, m'kati mulibe zokanda, ndipo kansalu konyowa kakuchotsa kudako n'kusiya dothi lofiira, ndiye kuti utsiwo ndi wa dzana. Mtengo wake ukhale wa mphika watsopano.

Chiwiya chilichonse chili ndi mabala ake. Mtsuko wa madzi sukhala ndi mwaye, umaperepeseka pansi pomwe unkakhala, ndipo nthawi zina umakhala ndi zoyera za mchere wa m'madzi. Mbiya ya mowa imakhala ndi timaenje m'kati, chifukwa mowa ukamasasa umadya dothi. Kugogoda ndi chala kumathandizanso: mphika wamphumphu umalira bwino, wamng'alu umamveka phwe, ngakhale mng'aluwo ataumata.

Pa zoluka, chingwe ndicho chimanena kochokera. Lichero ndi dengu zambiri zimalukidwa ndi nsungwi zong'aluza, zolimba ndiponso zokhala ndi mfundo. Mlaza ndi wofewa, ulibe mfundo, ndipo umamera m'madera otentha monga m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ndi Salima komanso ku chigwa cha Shire. Timadengu ta Atonga a ku Binga m'dziko la Zimbabwe nato ndi ta mlaza, koma timadziwika chifukwa kuluka kumayambira pa kabwalo ka ngodya zinayi pansi, n'kumalizira mozungulira kukamwa. Wonena kuti kadengu kotere kalukidwa ku Dedza afunsidwe bwino.

Lichero lopeteradi limasalala ndi kunyezimira pakati ndi kutsogolo komwe chimanga chimatsetsereka. Pamkombero pamakhala malo awiri odera pomwe mayi ankagwira, ndipo m'mipata mumatsalira gaga wouma. Munthu akasuntha kansungwi kamodzi ndi chikhadabo, pansi pomwe kanaphimbika pamaoneka poyera, chifukwa utsi wa m'khitchini sunafikepo. Lichero lonyikidwa m'madzi amtundu limada paliponse, ngakhale pobisika pomwe. Mkombero womangidwa ndi ulusi wa m'matumba a feteleza umasonyeza kuti lichero ndi la posachedwa, kapena linakonzedwa, ndipo wogula ayenera kuuzidwa.

Timabowo ting'onoting'ono pa nsungwi ndi ntchito ya tizilombo tofumbwitsa. Dengu likagogodedwa pa pepala n'kugwa ufa woyera, tizilomboto tikadali momwemo. Dengu lotere lisasakanizidwe ndi katundu wina, apo ayi benchi yonse ifumbwa.

Pali katundu wina woyenera kumukana ngakhale atatchipa. M'madera ambiri ziwiya zoikidwa pamanda amaziboola dala pansi, choncho mphika wabwinobwino wokhala ndi bowo lotere uyenera kudzutsa mafunso. Chimodzimodzi mapale ndi miphika yokumbidwa pansi kapena yotengedwa m'mapanga: malamulo a Malawi oteteza zinthu zakale salola kukumba kapena kutulutsa kunja zotere popanda chilolezo cha boma. Wamalonda afunse mudzi, mwini ndi ntchito ya chiwiya chilichonse, n'kulemba m'kope. Mlendo akafunsa mbiri yake, yankho limakhala liripo, ndipo mtengo suvuta kuuteteza.