Tebulo limodzi likafufutidwa, musathire bakapu yonse

Tiyerekeze sitolo yogulitsa zipangizo zomangira nyumba yomwe imasunga zonse mu detabesi ya MySQL yotchedwa `sitolo`. Detabesi ndi nkhokwe ya pakompyuta, ndipo mkati mwake zinthu zimagawidwa m'matebulo: la katundu, la malonda, la makasitomala, la ngongole. Usiku uliwonse, nthawi ikakwana 2 koloko, pulogalamu ya `mysqldump` imakopera zonsezo mu fayilo imodzi. Fayilo imeneyi ndiyo bakapu. Tsiku lina cha m'ma 11 koloko m'mawa, wosamalira makompyuta akuyeretsa matebulo akale, dzanja linatereka n'kulemba `DROP TABLE ngongole;`. Mayina a onse omwe anatenga simenti ndi malata pangongole anapita pomwepo. Mu MySQL lamulo limeneli silibwezeka ndi `ROLLBACK`, chifukwa limadzitsimikiza lokha likangoperekedwa.

Abwana akamva, mawu awo amakhala amodzi: "Si tili ndi bakapu? Ibwezeretseni msanga." Apa ndiye pamene ngozi yaing'ono imasanduka yaikulu. Fayilo ya `mysqldump` ndi mndandanda wa malamulo, ndipo pa tebulo lililonse imayamba ndi `DROP TABLE IF EXISTS`, kenako imalimanganso ndi kuthiramo zomwe zinalipo usiku. Mukaithira yonse mu detabesi yomwe ikugwira ntchito, ngongole zibwerera ndithu, koma malonda onse a m'mawawo afufutika, katundu amene wagulidwa abwerera m'mabuku ngati akadali pashelefu, ndipo ndalama za m'dirowa sizigwirizananso ndi kompyuta. Kuli ngati kugwetsa nyumba yonse chifukwa chitseko chimodzi chaguluka.

Njira yabwino ndi yozungulira pang'ono. Bakapu imathiridwa kaye pa seva ina yoyesera, yosalumikizana ndi pulogalamu ya pakauntala, ndipo tebulo lotayikalo limatengedwa kumeneko. Musanatero, imitsani ntchito iliyonse yokhudza ngongole, ndipo koperani fayilo ya bakapuyo pamalo ena. M'maofesi ambiri bakapu ya usiku wotsatira imalembedwa pamwamba pa ya dzulo, ndiye mukachedwa mudzapeza kuti yatsala ndi yopanda tebulolo.

Ena amafuna kupeputsa ntchito potsegula detabesi yatsopano ya dzina lina pa seva yomweyo. Zimatheka, koma pali msampha. Ngati bakapu inapangidwa ndi `--databases` kapena `--all-databases`, mkati mwake muli mzere wa `USE` wotchula detabesi yeniyeni ija. Mzere umenewu umaposa dzina lomwe inu mwalemba, moti zonse zimakathiridwa komwe mumapewa kuja, popanda chenjezo lililonse. Fufuzani kaye:

```
grep -nE '^(USE |CREATE DATABASE)' bakapu.sql
```

Pakatuluka mzere ngakhale umodzi, fayiloyo isayandikire seva yogwira ntchito. Ine ndimati ngakhale pasatuluke kanthu, kompyuta yapadera ndiyo yabwino, kaya ndi laputopu yakale, bola ikhale ndi malo okwanira komanso MySQL wa mtundu wofanana. Tiitche `yoyesera`:

```
mysql -h yoyesera -e "CREATE DATABASE sitolo"
mysql -h yoyesera sitolo < bakapu.sql
```

Tsopano tebulo la ngongole lilipo, koma monga linalili 2 koloko usiku. Amene anabwera kudzalipira 9 koloko m'mawa akuonekabe kuti ali ndi ngongole. Mpata wa maola asanu ndi anayiwu bakapu singautseke. Chimene chimautseka ndi binilogi, kaundula amene seva imalembamo kusintha kulikonse motsatizana. Kuyambira pa MySQL 8.0 kaundulayu amakhala woyatsa kale ndipo amasungidwa masiku 30, pokhapokha wina atasintha. Ngati bakapu inapangidwa ndi `--source-data=2`, yomwe kale inkalembedwa `--master-data=2`, pamwamba pa fayiloyo pali mzere wonena fayilo ya binilogi ndi nambala ya malo pomwe bakapu inalekezera. Pamenepo ndi poyambira. Polekezera mumapapeza powerenga binilogiyo ndi `mysqlbinlog` mpaka mutafika pa lamulo la `DROP TABLE` lija, n'kutenga nambala yolembedwa pa `# at` poyambira pa chochitikacho. Manambala ali m'munsiwa ndi achitsanzo chabe:

```
mysqlbinlog --start-position=157 --stop-position=884210 \
  binlog.000045 | mysql -h yoyesera
```

Mukapitirira nambalayo, seva yoyesera ibwereza cholakwa chija ndipo tebulo lifufutikanso. Ubwino wake ndi wakuti mwaononga pa kompyuta yoyesera, mungoyambiranso. Kumene binilogi inali yozimitsa, palibe matsenga: za m'mawa zilowetsedwa pamanja kuchokera m'malisiti.

Musanasamutse kanthu, yang'anani ngati tebulo lili bwino. Werengani mizere ndi `SELECT COUNT(*)`, phatikizani ndalama zonse ndi `SUM`, ndipo onani nthawi ya cholembedwa chomaliza. Kenaka itanani kalaliki wa ngongole atenge malisiti atatu kapena anayi a m'mawawo, muwapeze limodzi pakompyuta. Iye ndiye amadziwa kuti bambo uja analipira theka, osati wa makompyuta. Zikagwirizana, tulutsani tebulo lokhalo n'kulilowetsa kwawo:

```
mysqldump -h yoyesera sitolo ngongole > ngongole.sql
mysql -h yeniyeni sitolo < ngongole.sql
```

Fayilo yaing'onoyi nayo ili ndi `DROP TABLE IF EXISTS`, koma ya tebulo limodzi basi. Komabe suzumirani kaye pa seva yeniyeni. Mapulogalamu ena akapeza tebulo palibe amamanga lina lopanda kanthu n'kuyamba kulembamo, ndipo zolembedwa zatsopanozo zingafufutike ngati simunazisunge padera.

Wina angafunse chifukwa chovutikira chonchi pamene bakapu ndi fayilo ya mawu wamba, yomwe munthu angadulemo gawo la ngongole ndi `sed`. Anthu amachitadi zimenezo, makamaka bakapu ikakhala yaikulu moti kuithira yonse kungadye tsiku. Vuto ndi lakuti chodulidwacho chimasiya mizere ya pamwamba pa fayilo, yomwe imakonza malo zinthu zisanalowe. Umodzi mwa iyo umaika nthawi pa `+00:00`, chifukwa `mysqldump` imalemba nthawi za mtundu wa `TIMESTAMP` pa wotchi ya UTC. Ngati seva yanu imayendera nthawi ya ku Malawi kapena ku Zambia, yomwe ili patsogolo ndi maola awiri, malipiro a 10 koloko adzaoneka ngati a 8 koloko, ndipo a 1 koloko usiku adzagwera pa tsiku la dzulo lake. Palibe uthenga wa cholakwika umene udzatuluke. Mzere wina umanena mtundu wa zilembo, ndipo ukasowa, chilembo ngati ŵ chingathe kusanduka zizindikiro zosawerengeka. Kudula kumasiyanso mosavuta matiriga, timalamulo tomwe timadzichita tokha tebulo likasintha, poti amalembedwa m'munsi mwa zolowetsedwa ndipo anafufutika limodzi ndi tebulo. Wodula ndi `sed` ayenera kumatanso mutu wa fayilo pamwamba pa chodulacho, ndipo ayesebe kaye pa kompyuta ina.

Chotsala ndi matebulo ena omwe amadalirana ndi la ngongole. Ngati malonda anapitirira pamene tebulo kunalibe, pangakhale katundu wotuluka pangongole yemwe sanalembedwe paliponse. Yerekezani malonda a pakati pa 11 koloko ndi nthawi yobwezeretsa, mzere ndi mzere, musanalole kalaliki kuyambanso ntchito.

Ngati muli ndi udindo pa detabesi ina iliyonse, tsegulani bakapu ya usiku wathawu lero lomwe. Onani ngati ili ndi mzere wa `USE`, ngati ikutchula malo a binilogi, ndipo ithireni pa kompyuta yoyesera muone kuti ikutenga nthawi yaitali bwanji.