Thukuta Lopitirira Muyeso

Thukuta la m'manja ndi m'khwapa limatha kutuluka mopitirira muyeso ngakhale kunja kukuzizira, mpaka kunyowetsa pepala lolembapo. Madokotala amalitcha hayipahidirosisi. Kawirikawiri vutoli limayamba munthu akadali wamng'ono, limagwira mbali zonse ziwiri, ndipo limaleka akagona.

Chithandizo choyamba ndi mankhwala opaka okhala ndi aluminiyamu, amene amatseka timabowo ta thukuta. Mafuta onunkhiritsa amangobisa fungo. Mankhwalawa amapakidwa usiku pakhungu louma n'kutsukidwa m'mawa, chifukwa pakhungu lonyowa amawotcha. Akalephera, dokotala amabaya jakisoni wa botokosi, amene amaumitsa khwapa pafupifupi miyezi 6. Opaleshoni yodula mitsempha imabwera pomalizira, popeza thukuta limasamukira kumsana kapena pamimba.

Koma thukuta la usiku lobwera ndi chifuwa ndi kuwonda n'lofunika kukayezetsa chifuwa chachikulu.