Thiransifoma yakuliranji? Kalata ya injiniya iyankhe

Munthu amene akumanga chigayo akalandira kalata yochokera kwa injiniya wa zamagetsi yonena kuti thiransifoma imene anagwirizana poyamba yachepa, maganizo oyamba amakhala akuti wina akufuna kumudyera. Sitingamunene. Thiransifoma ndi chimodzi mwa zipangizo zodula kwambiri pokoka magetsi, ndipo mwini bizinesi sangaitsegule n'kuona ngati yadzaza. Chimene angaone ndi kalatayo basi. N'chifukwa chake kalata yotere iyenera kulembedwa moti munthu wosaphunzira zamagetsi athe kutsatira masamu ake, ngakhale kutsutsa pamene pakufunika kutsutsa.

Tiyerekeze kuti mayi wina akumanga chigayo pamalo ochitira malonda, pafupi ndi mawaya a ESCOM a mavolti 11,000. Thiransifoma ndi imene idzatsitse mphamvuyi kufika pa mavolti 400, amene mamota akuluakulu amayendera. Atakumana koyamba ndi injiniya, mayiyu anatchula mota ya chigayo ya 30 kW, makina okonolera a 22 kW, ndiponso mababu ndi zinthu za mu ofesi zokwana 8 kW. Zonse pamodzi ndi 60 kW.

Koma thiransifoma sayeza mu kW. Amayeza mu kVA. Mota imakoka magetsi ochuluka kuposa amene imasandutsa ntchito, chifukwa ena amangozungulira popanga mphamvu ya maginito m'kati mwake, ndipo thiransifoma imanyamula onsewo. Pofuna kuwerengera zimenezi, injiniya amagawa kW ndi nambala yotchedwa pawa fakita, imene pa mamota ambiri imakhala cha m'ma 0.8. Choncho 60 kW ikusanduka 75 kVA, ndipo thiransifoma ya 100 kVA inali yokwanira bwino lomwe.

Patapita miyezi, mayi uja anapeza ngongole n'kuwonjezera makina ofinyira mafuta a mpendadzuwa a 37 kW, chipinda choziziritsira nkhuku ndi nsomba cha 15 kW, komanso pampu ya pachitsime ya 8 kW. Kwa iye zinali nkhani za malonda, osati za magetsi, ndipo injiniya anazimva mochedwa, ataona maziko a nyumba yachiwiri akukumbidwa. Katundu yense tsopano wafika pa 120 kW.

Kalata yabwino imayamba ndi chigamulo, osazungulira. Injiniya angalembe chonchi: "Mayi, potsatira makina atatu amene mwawonjezera, tasintha mapulani a magetsi. M'malo mwa thiransifoma ya 100 kVA tikupempha kuti muvomereze ya 200 kVA. Zifukwa zake, mtengo wake ndiponso nthawi imene ntchito ichedwe nayo tafotokoza m'munsimu." Kenako amaika mndandanda wakale wa makina pambali pa watsopano, kuti mayiyu aone yekha kuti nambala yakwera chifukwa cha zinthu zimene wagula iye mwini.

Ndime yotsatira ndi imene ine ndimati mwini ntchito aiwerenge kawiri. Makina onse sayaka nthawi imodzi. Pampu ikadzaza thanki imazima, chipinda chozizira chimayaka n'kumapuma, ndipo makina okonolera amadikira anthu obwera ndi chimanga chosakonola. Choncho injiniya sawerengera 120 kW yonse. Amayerekeza kuti pa nthawi yotanganidwa kwambiri zoyaka pamodzi zidzakwana mwina 100 kW. Akagawa ndi 0.8 akupeza 125 kVA, kutanthauza kuti thiransifoma yakale ija ikanasenza katundu woposa mphamvu yake ndi 25 peresenti.

Nambala ya 100 kW imeneyi si lamulo la sayansi. Ndi kuyerekeza, ndipo amene akudziwa bwino mmene bizinesi idzayendere ndi mayiyu, osati injiniya. Ngati akufuna kumafinya mafuta usiku chigayo chitatsekedwa, makina a 37 kW achoka pa nthawi yotanganidwa ija, ndipo thiransifoma yakale ingathe kukwanira, ngakhale mothinana. Koma ngati akudziwa kuti m'miyezi yokolola mzere wa anthu udzafika kumsewu, mpendadzuwa nawo uli mbwee, ndiye kuti ngakhale 100 kW ingachepe. Kalata imene imangoti "tawerengera n'kupeza 125 kVA" osanena kuti aganiza zoyaka pamodzi ndi ziti, yabisa chinthu chokhacho chimene mwini ntchito akanathandizapo.

Funso limene mayiyu adzafunsa n'lodziwikiratu: nanga tikangoisiya yakaleyo chichitike n'chiyani? Injiniya woona mtima samuopseza kuti iphulika tsiku loyamba, chifukwa si zoona. Thiransifoma imapirira kulemedwa kwa kanthawi. Chimene chimaipha ndi kutentha. M'kati mwake muli mawaya okulungidwa ndi pepala lapadera, omizidwa m'mafuta, ndipo pepalalo limakalamba msanga likatentha. Akatswiri amawerengera kuti malo otentha kwambiri m'kati akakwera ndi madigiri 6 kupitirira muyezo, pepalalo limatha mofulumira kawiri. Ganizirani masana a mwezi wa Okutobala ku Chikwawa kapena ku Salima. Zizindikiro zimaoneka isanapse: mababu amatsinzina mota ikamalizidwa, mafyuzi amapsa kawirikawiri, mafuta amayamba kudontha pathanki. Kuliza mota n'kumene kumavutitsa kwambiri, chifukwa mota yolumikizidwa mwachindunji imakoka magetsi ochuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa a nthawi zonse m'masekondi oyamba, ndipo thiransifoma yodzaza kale imagwetsa mavolti mpaka makina ena kuzima okha.

Palinso zimene kalata zambiri zimaiwala, mwini ntchito n'kudzazimva pa tsiku lolipira. Thiransifoma sisintha yokha. Ya 100 kVA imatulutsa maampu pafupifupi 144, pamene ya 200 kVA imatulutsa 289. Ndiye kuti chingwe chochokera pathiransifoma chinenepe, buleka yaikulu isinthe, bokosi logawira magetsi lionedwenso, ndipo zoikapo thiransifomayo zikhale zopirira kulemera kwake. Fomu imene inapita ku ESCOM inali ndi nambala yakale, choncho iyenera kukonzedwa, ndipo a ESCOM ayenera kuona ngati mawaya awo angapereke mphamvu yowonjezerayo. Zonsezi zilembedwe chimodzichimodzi ndi mtengo wake, kuchotserapo ndalama za zipangizo zakale zimene sizinagulidwe.

Kukulitsa kulinso ndi malire ake. Wina angati tingoikiratu ya 315 kVA kuti nkhani ithe. Koma thiransifoma imadya magetsi pang'ono usana ndi usiku ngakhale makina onse atazima, ndipo yaikulu imadya ochulukirapo. Ya 200 kVA itanyamula 125 kVA yatsala ndi malo a makina ena awiri kapena atatu, ndipo pamenepo m'pokwanira. Injiniya angatchulenso njira zochepetsera katundu, monga kuika makapasita okweza pawa fakita kufika cha m'ma 0.95. Pamenepo 100 kW ija ikhala 105 kVA, imene ikupitirirabe thiransifoma yakale, ndipo kalata inene zimenezo mosabisa.

Pomaliza kalatayo ipemphe yankho lolembedwa, ndi tsiku lake, chifukwa thiransifoma imatenga nthawi kuitanitsa. Inu amene mwailandira, musasaine musanaone kuti makina onse amene muli nawo m'maganizo, ngakhale ogula chaka chamawa, alembedwamo, ndipo mufunse injiniya kuti ndi ati amene wawerengera kuti aziyaka nthawi imodzi.