"Me and him went": kodi ndi Chingerezi cholakwa?

Mwana wa Fomu 3 amene walemba m'chimangirizo chake kuti "Me and him went to the market" adzapeza kope lake litabwera ndi mzere wofiira. Madzulo ake akaonera filimu ya ku Amereka kapena ya ku Mangalande, adzamva eni chilankhulocho akunena chimodzimodzi popanda wowadzudzula. Ndiye wolakwa ndani, mphunzitsi kapena mzungu wa m'filimuyo?

Mphunzitsi sanalakwe. M'Chingerezi cholemba, cha pamayeso a MSCE, cha m'kalata yofunsira ntchito ndi cha m'nyuzipepala, chiganizochi chimayenera kukhala "He and I went to the market". Koma kungoloweza yankholo kuli ndi msampha wake, choncho ndi bwino kudziwa pomwe lamuloli likuchokera.

Ife tikanena kuti "Ine ndinamuona iye" kenako "Iye anandiona ine", mawu akuti ine ndi iye sasintha ngakhale pang'ono. Amene amatiuza kuti waona mnzake ndani ndi mneni. Chingerezi sichitero. Mneni saw amakhala yemweyo, ndipo amene amasintha ndi mlowam'malo: "I saw him", "He saw me". Akakhala mwininkhani amavala malaya ena, akakhala pamtherankhani kapena akatsatira mperekezi amavalanso ena. Alowam'malo otere ndi ochepa: I ndi me, he ndi him, she ndi her, we ndi us, they ndi them, komanso who ndi whom. You ndi it sasintha. Kale kwambiri, mayina wamba a Chingerezi nawonso ankasintha motere, koma kusiyanako kunatha, n'kutsalira pa timawu timeneti.

Mlowam'malo akakhala yekha, palibe amene amaphonya. Ngakhale mwana wa Sitandade 5 sanganene kuti "Me went". Khutu limasokonezeka pamene mlumikizi and walowa pakati n'kumanga anthu awiri pamodzi. N'chifukwa chake njira yoyamba yoyesera ndi kuwamasula: chotsani mmodzi, muwerenge chiganizo ndi wotsalayo. "Me went to the market" sichikumveka. "Him went to the market" nachonso ayi. Muike I ndi he, zonse ziwiri zikhala bwino, kenako muwabwezere pamodzi. Zoti I amakhala kumapeto ndi mwambo wa ulemu chabe, wotsogoza mnzako. Pochotsapo, kumbukirani kusintha mneni ngati n'kofunika: mu "He and I are late", mukachotsa mmodzi muwerenge kuti "I am late", musaganize kuti I walakwa chifukwa chakuti "I are" sichikumveka.

Tsono nawu msampha uja. Munthu amene anadzudzulidwa kambiri chifukwa cha "me and him" amatuluka m'kalasi akuopa me ngati njoka. Akaona and basi amathamangira I, ndipo amalemba kuti "The manager called John and I". Anthu ophunzira bwino, ovala taye, ndiwo amagwa kwambiri m'mbuna imeneyi, poti amaona ngati akulankhula chapamwamba. Chotsani John muone: "The manager called I". Pamenepa pafunika me, chifukwa awiriwo ndi oitanidwa, si oitana. Ena pothawa zonse ziwiri amabisala kuseri kwa myself, koma "The manager called myself" sichidutsanso mayeso omwewo.

Pali malo ena pomwe kuchotsa mmodzi sikuthandiza. Mperekezi between amafuna anthu awiri, kotero mukachotsa mmodzi chiganizo chimafa ngakhale mlowam'malo akhale wolondola. Apa njira yabwino ndi kuika mawu amodzi m'malo mwa awiriwo, we kapena us. Palibe anganene kuti "between we". Ndi "between us", ndipo pomwe pakhala us pamakhala me, him ndi her: "between you and me". Pomwe pakhala we pamakhala I, he ndi she.

Ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi wina umene mabuku ochokera kunja satiuza. Nenani chiganizocho m'Chichewa, mumvetsere pomwe "ti" wagwera m'mneni. Akakhala kutsogolo, monga mu "tinapita", ndiye we: "He and I went". Akalowa m'kati, monga mu "anatiitana" kapena "anatigulira", ndiye us: "She called him and me", "She bought bread for him and me".

Tiyese pa ziganizo ziwiri zofanana ngati mapasa, zimene zimagwetsa ambiri. Mphunzitsi watuma ana awiri kwa ahedi. Mmodzi wa anawo akulemba: "The teacher told ___ to go to the office". Poti anawo ndiwo opita, dzanja limafuna kulemba "he and I". Koma m'Chichewa timati "Aphunzitsi anatiuza kuti tipite". Mpata uli pambuyo pa told, ndipo mneni wolingana naye ndi "anatiuza", momwe "ti" ali m'kati. Yesaninso pochotsa mmodzi: "The teacher told me to go". Yankho ndi "him and me". Tsopano chiganizo chisinthe pang'ono: "The teacher said that ___ should go to the office". M'Chichewa ndi "Aphunzitsi ananena kuti tipite". Mu "ananena" mulibe "ti" aliyense, wangotsala wa kutsogolo kwa "tipite". Mawu akuti that atsegula kachiganizo kena kokhala ndi mwininkhani wake, ndipo yankho ndi "he and I". Nkhani ndi imodzi, ana ndi omwewo, ngakhale malo awo ali pakati pa chiganizo monsemo. Chosiyana ndi mneni amene awiriwo amangirirako.

Nanga mzungu wa m'filimu uja? Sindinganene kuti sadziwa chilankhulo chake. M'Chingerezi cholankhula, me ndi him ndiwo mawu amene amatuluka mlowam'malo akapanda kugundana yekha ndi mneni. Mukagogoda pakhomo n'kufunsidwa kuti ndani, mumayankha kuti "Me" kapena "It's me". Woyankha kuti "I" angaseketse anthu. And akalowa pakati, olankhula ambiri amamva ngati mlowam'maloyo watalikirana ndi mneni, n'kubwerera ku me. Munthu yemweyo amene amati "Me and him went" sanganene "Me went", kusonyeza kuti akutsata dongosolo lina lake, si kuti akungophonya. Akatswiri Rodney Huddleston ndi Geoffrey Pullum, m'buku lawo lalikulu la galamala ya Chingerezi la mu 2002, anatsutsa ganizo lakuti zimene mlowam'malo amachita ali yekha ziyenera kukhala zomwezo akalumikizidwa ndi mnzake. Ngakhale I wa pambuyo pa between si wa dzulo: Shakespeare anamuika m'kalata ya Antonio m'sewero la The Merchant of Venice, zaka zoposa 400 zapitazo.

Choncho njira zoyeserazi sizikuuzani zimene eni chilankhulo amanena pocheza. Zimakuuzani zimene wochonga mayeso, mkonzi kapena bwana wowerenga kalata yanu akuyembekeza kuona papepala. Ine mnzanga akanena "me and him" tikudya chipisi pa chiwaya sindimuwongolera. Koma akandipatsa kalata yake kuti ndiione asanaitumize, paliponse pomwe pali and pakati pa anthu awiri ndimaphimba mmodzi ndi chala n'kuwerenga mokweza.