Chithunzi cha sitetimenti ya ku banki: kakopereni kake m'buku la kalabu

Nyengo yogulitsa fodya ikafika, ndalama za alimi sizidutsanso m'manja ngati kale. Mabelo akagulidwa ku okushoni ya ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe, ndalama zimalowa ku akaunti ya ku banki. Kuchokera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, ambiri akhala akugulitsa fodya wawo kudzera m'makalabu, ndipo kalabu ya anthu angapo imakhala ndi akaunti imodzi. Chimodzimodzinso magulu oweta nkhuku ku Kawale, Biwi, Area 23 ndi Chinsapo, kapena ogula ndi kugulitsa mtedza ku Mgona.

Masiku ano msungichuma akapita ku banki amatenga sitetimenti, chipepala chija choonetsa mmene ndalama zayendera pa akaunti, n'kuchijambula ndi foni. Chithunzicho amachitumiza pa WhatsApp kwa mlembi, amene mwina ali kumudzi pamene iye ali ku Area 25. Koma chithunzi si buku. Foni imatayika, imabedwa, ndipo pamsonkhano wogawana ndalama anthu khumi sangaunjirire foni imodzi. Pafunika kukopera zonse m'buku la kalabu, ndipo kakoperedwe kake ndi kamene kangabweretse mtendere kapena mkangano.

Mawu awiri ofunika kuwamvetsa

Pamwamba pa sitetimenti pamakhala mawu a Chingerezi awa: Date, Debit, Credit ndi Balance. Pa sitetimenti ya ku banki, Debit ndi ndalama zimene zatuluka mu akaunti yanu, pamene Credit ndi ndalama zimene zalowa. Balance ndi zotsala. Masitetimenti ena safika polemba mawu onse, amangoika DR pa zotuluka ndi CR pa zolowa, ndipo ena amaika kamzere kochotsera kutsogolo kwa ndalama zotuluka.

Amene anaphunzirako kasungidwe ka mabuku a ndalama asamale pamenepa. M'buku la ndalama limene bizinesi imasunga yokha, ndalama zolowa ndi zimene zimalembedwa kumbali ya Debit. Banki imalemba mosemphana chifukwa imaona zinthu kuchokera kumbali yake: ndalama zimene mwasungitsa ndi ngongole imene bankiyo ili nayo kwa inu. Tsono pokopera sitetimenti, tsatirani mmene banki yalembera, osatembenuza. Pofuna kuti aliyense amve, lembani m'Chichewa pamwamba pa madanga anu kuti "Zotuluka" ndi "Zolowa".

Chithunzi chikhale chowerengeka

Musanagwire cholembera, onani kaye ngati chithunzicho chili bwino. Pepala liyalidwe pa tebulo, foni ikhale pamwamba penipeni, ndipo makona onse anayi a pepala aoneke. Chithunzi chojambulidwa chammbali chimapendeketsa mizere, mwakuti ndalama za mzere wachitatu zimaoneka ngati zili pa tsiku la mzere wachinayi. Pepala lopindidwa m'thumba limabisa manambala pamene pali mpindo, ndipo 3 amafanana ndi 8, komanso 1 amafanana ndi 7.

Onaninso nambala ya tsamba. Ngati palembedwa Page 1 of 3, mufunika zithunzi zitatu. Ndalama zotsala kumapeto kwa tsamba loyamba ziyenera kufanana ndi zimene zayambira tsamba lachiwiri. Zikasiyana, pali tsamba kapena mzere umene sunajambulidwe. Nambala imene simukuiona bwino musaiganizire. Pemphani chithunzi china.

Madanga asanu

Tengani kope la chikuto cholimba, rula ndi pensulo. Jambulani mizere yotsika kuti tsamba likhale ndi madanga asanu: Tsiku, Chochitika, Zotuluka, Zolowa ndi Zotsala. Lamulo lake ndi limodzi: mzere umodzi wa pa sitetimenti ukhale mzere umodzi m'buku, ndipo ndalama zake zilowe m'danga limodzi lokha, la zotuluka kapena la zolowa. Danga linalo muikemo kamzere kuti pasakhale wina wodzalembamo pambuyo pake.

Tiyerekeze kalabu ya alimi a fodya imene pa 1 Juni inali ndi K85,000 ku banki. Buku lake la mwezi umenewo lingaoneke chonchi:

| Tsiku | Chochitika | Zotuluka | Zolowa | Zotsala |
|---|---|---|---|---|
| 1 Juni | Zoyambira | - | - | 85,000.00 |
| 3 Juni | Malonda a fodya | - | 1,240,500.00 | 1,325,500.00 |
| 3 Juni | Kubweza ngongole ya feteleza | 460,000.00 | - | 865,500.00 |
| 5 Juni | Kutapa ndalama | 300,000.00 | - | 565,500.00 |
| 5 Juni | Cholipira potapa | 1,500.00 | - | 564,000.00 |
| 12 Juni | Kusungitsa | - | 72,000.00 | 636,000.00 |
| 30 Juni | Cholipira cha pamwezi | 4,500.00 | - | 631,500.00 |

Taonani mzere woyamba. K85,000 ija, imene pa sitetimenti imalembedwa Opening Balance kapena Balance B/F, si ndalama zolowa mwezi uno. Ndi zotsala za mwezi wathawu, choncho zimapita m'danga lomaliza lokha. Mukaziika m'danga la zolowa, kalabu idzaoneka ngati yapeza K85,000 imene kulibe, ndipo mamembala adzaifuna.

Taonaninso pa 5 Juni. Msungichuma anatapa K300,000 ndipo banki inadula K1,500. Pali chiyeso chophatikiza ziwirizi n'kulemba K301,500. Musatero, chifukwa pamsonkhano msungichuma adzafunsidwa za K301,500 pamene m'manja mwake munalowa K300,000 yokha.

Pa nkhani ya masiku, lembani mwezi m'mawu. Masitetimenti a kuno kwathu kawirikawiri amayamba ndi tsiku kenako mwezi, mwakuti 03/06 ndi 3 Juni, osati 6 Marichi. Ena amakhala ndi masiku awiri pa mzere umodzi: tsiku limene banki inalemba chochitikacho, ndi Value Date, lomwe ndi tsiku limene banki imayamba kuwerengera ndalamazo. Masiku awiriwa amatha kusiyana, makamaka pa cheke. Sankhani loyambalo ndipo mulitsate buku lonse. Chaka chilembedwe pamwamba pa tsamba lililonse.

Kuyesa ngati mwakopera bwino

Ubwino wa madanga awiri osiyana umaonekera pano. Phatikizani zotuluka zonse: K460,000, K300,000, K1,500 ndi K4,500 zikupanga K766,000. Phatikizani zolowa: K1,240,500 ndi K72,000 zikupanga K1,312,500. Tsopano tengani zoyambira, muonjezerepo zolowa, muchotsepo zotuluka. K85,000 kuonjezerapo K1,312,500 ndi K1,397,500, ndipo kuchotsapo K766,000 patsala K631,500. Nambala imeneyi iyenera kufanana ndi yomaliza pa sitetimenti, mpaka tambala yomwe.

Danga la zotsala musangolikopera kuchokera pa chithunzi. Werengerani nokha mzere uliwonse, kenako yerekezani ndi za banki. Mukatero, mzere woyamba pamene manambala asiyana ndi pamene pali cholakwa.

Zikapanda kufanana, kusiyana kwakeko kumakuuzani koti muyang'ane. Choyamba, funani pa sitetimenti ndalama zofanana ndendende ndi kusiyanako. Ngati buku lanu lapitirira ndi K1,500, mwadumpha mzere wa cholipira potapa. Mizere ya ndalama zochepa ndi imene imadumphidwa kwambiri.

Chachiwiri, gawani kusiyanako pawiri. Tinene kuti K72,000 ya pa 12 Juni mwailemba m'danga la zotuluka. Yankho lanu likhala K487,500 m'malo mwa K631,500, kusiyana kwa K144,000. Pa sitetimenti palibe K144,000, koma theka lake ndi K72,000. Ndalama zikalowa m'danga lolakwika zimapweteka kawiri: simunaziphatikize, ndiponso mwazichotsa.

Chachitatu, gawani kusiyanako ndi 9. Mukalemba K27,000 m'malo mwa K72,000, kusiyana kukhala K45,000, ndipo 45,000 kugawa ndi 9 ndi 5,000 popanda chotsala. Manambala awiri akasinthana malo, kusiyana kwake nthawi zonse kumagawika ndi 9. Chimodzimodzinso ziro akasowa: K30,000 m'malo mwa K300,000 imasiyana ndi K270,000, yomwenso imagawika ndi 9. N'chifukwa chake nkofunika kulemba manambala molunjikana, tambala pansi pa tambala.

Zimene masamu sangagwire

Kufanana kwa manambala sikutanthauza kuti zonse zili bwino. Tsiku lolakwika silisintha yankho. Mawu olakwika m'danga la chochitika, monga kulemba kuti ndalama zasungitsidwa ndi membala uyu pamene ndi uyo, sasinthanso yankho. Zolakwa ziwiri zofanana kukula zingathenso kubisana. Choncho mukamaliza, munthu mmodzi awerenge mokweza kuchokera pa chithunzi, wina atsatire m'buku n'kuika kachizindikiro pa mzere uliwonse.

Mukaona mawu akuti Reversal, dziwani kuti banki yabweza chochitika china. Ndalama zomwezo zimaoneka kawiri, kamodzi ku zotuluka, kamodzi ku zolowa. Koperani mizere yonse iwiri, musaifafanize poganiza kuti yathana yokha.

Alimi a fodya akumbukirenso kuti fodya amagulidwa m'madola a ku America. Chipepala cha malonda chochokera ku okushoni chimaonetsa mitengo m'madola ndi zimene zadulidwa kumeneko, pamene akaunti ya makwacha imaonetsa makwacha amene afikadi. M'buku ili lembani zimene zili pa sitetimenti zokha. Kuyerekeza mapepala awiriwa ndi ntchito ina, yochitika mukatha kukopera.

Magulu amene ali ndi kompyuta kapena foni yokhala ndi Excel angachite zomwezi. Madanga A mpaka E aimire madanga asanu aja, ndipo ngati zoyambira zili pa E2, lembani izi pa E3 n'kukokera pansi:

```
=E2-C3+D3
```

Apa danga lopanda ndalama lisiyeni lopanda kanthu, chifukwa kamzere kaja kamasokoneza masamu. Mapulogalamu owerenga okha manambala pa chithunzi aliponso, koma nawonso amatha kukankhira ndalama m'danga lolakwika chithunzi chikapendekeka, choncho kuyesa kuja sikungadumphidwe.

Pomaliza, sitetimenti imaonetsa dzina, nambala ya akaunti ndi ndalama zimene zilipo. Chithunzi chake chipite kwa wapampando, mlembi ndi msungichuma okha, osati pa gulu lalikulu la WhatsApp, poti akathyali amagwiritsa ntchito zinthu zoterezi poimba foni ngati ogwira ntchito ku banki. Pepala lenilenilo lisungidwe mu fayelo, ndipo akuluakulu atatuwa asainire pansi pa tsamba la m'buku tsiku logawana ndalama lisanafike. Ngati mwakopera bwino koma pali ndalama zodulidwa zimene simukuzimvetsa, pitani ku nthambi ya banki yanu mutanyamula sitetimenti, ndipo mutchule tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama za mzere umenewo.