Lowezani pasiwedi imodzi, zotsalazo isunge foni

Pa ntchito yanga yokonza mafoni pa boma la Katete, anthu akandiuza pasiwedi yawo kawirikawiri imakhala dzina la mwana ndi chaka chobadwa, kapena nambala ya reji. Yomweyo ili pa Facebook, pa imelo, pa ZRA ndi pa NAPSA. Kuopsa kwake n'kwakuti kampani imodzi ikabedwa, akuba amatenga imelo ndi pasiwedi zimene apezazo n'kumayesa pa makomo ena onse. LinkedIn inabedwa mu 2012, ndipo mu 2016 maakaunti ake oposa 100 miliyoni anali akugulitsidwa pa intaneti. Amene anali ndi pasiwedi imodzi paliponse analowedwa ndi kwina kumene sikunabedwe.

Mutu wa munthu sungasunge mapasiwedi ovuta makumi awiri, koma foni ingathe. Tecno, itel kapena Samsung imene muli nayo ili kale ndi chosungira chaulere chotchedwa Google Password Manager. Chimapanga pasiwedi, chimaisunga, ndipo chimailemba chokha mukafika polowera.

Musanachiyatse, dzifunseni kuti akaunti ya Google ili m'foni mwanu ndi ya ndani. Ambiri kuno anatsegulilidwa ndi mnyamata wa pa shopu tsiku logula foni, ndipo pasiwedi yake saidziwa. Mapasiwedi onse adzakhala mu akaunti imeneyo, choncho kuyamba musanaitenge kuli ngati kuthira chimanga m'nkhokwe ya mwini. Mphunzitsi wina wa ku Sinda atabwera, tinayambira pamenepa. Tinalowa mu Settings, kenako Google, Manage your Google Account, Security. Nambala yobwezera akaunti tinapeza kuti ndi ya simukadi imene anataya kalekale. Nambala zogona nthawi yaitali makampani amazipereka kwa anthu ena, ndiye kuti uthenga wotsegulira akaunti yawo ukanapita kwa mlendo. Tinaikapo nambala imene analembetsa ndi reji yawo.

Kenako anapanga pasiwedi yatsopano, yokhayo yoti ailoweze: mawu asanu a Chichewa osagwirizana, osati mwambi kapena vesi lodziwika. Ndinatembenuka kuti ndisaone pamene ankalemba, ndipo wokonza foni aliyense azitero. Tinayatsa 2-Step Verification n'kutulutsa Backup codes, manambala 10, iliyonse yogwira kamodzi kokha. Anawakopera pa pepala limodzi ndi pasiwedi ija, kuti akasunge kunyumba m'chikwama cha masatifiketi. Ena amati kulemba pasiwedi pa pepala n'kulakwa. Ine ndimati wakuba wa pa intaneti safika m'chikwama cha kuchipinda, pomwe foni ikagwa m'madzi pepalalo ndilo limakubwezerani zonse.

Zotsalazo n'zachangu. Mu Settings fufuzani mawu akuti Autofill, chifukwa malo ake amasiyana malinga ndi foni, kenako sankhani Google. Ndiye sinthani mapasiwedi akale imodziimodzi, kuyambira pamene pali ndalama ndi Facebook. Pa bokosi la pasiwedi yatsopano mu Chrome dinani Suggest strong password, ndipo ikafunsa zosunga dinani Save. Tulukani n'kulowanso nthawi yomweyo kuti muone ngati yasungidwadi. Ngati sinasungidwe, mwatsala ndi pasiwedi imene inu simuidziwa, foninso siidziwa. Mukatha, Checkup ya mu Google Password Manager imakuonetsani mapasiwedi amene mukubwerezabe ndi amene anatuluka pa kubedwa kwina.

Chimene ndimachikonda kwambiri n'chakuti chosungirachi chimayang'ana adiresi ya tsamba, osati maonekedwe ake. Wina akakutumizirani ulalo pa WhatsApp wonena kuti mwapata mabando aulere, tsambalo lingafanane ndi Facebook m'zonse, koma foni sidzalemba pasiwedi chifukwa adiresi ndi ina. Mukaona kuti pamene imadzaza yokha lero yakana, musathamangire kulemba pamanja. Werengani adiresi pamwambapo chilembo ndi chilembo.

Malire alipo. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena MTN imene mumalemba mutayimba nyenyezi ija chosungirachi sichiidzaza, imakhalabe m'mutu mwanu. Komanso kuno foni imodzi imagwiridwa ndi banja lonse, ndipo imasiyidwa pochajitsa pa msika. Amene akudziwa loko ya foni yanu angatsegule chosungira n'kuwerenga pasiwedi iliyonse. Choncho ikani loko ya manambala 6 kapena kuposa, osati kachilembo kojambula ndi chala kamene mwana amakaloweza akangoona kamodzi, ndipo mu Autofill yatsani kuti izifunsa chala chanu isanadzaze. Ngati loko simungawabisire a m'nyumba, mapasiwedi a ndalama ndi a kuntchito asungeni mu Bitwarden. Nayo ndi yaulere, koma ili ndi pasiwedi yakeyake imene ngakhale eni kampaniyo sangakukumbutseni mukaiwala, ndiye nayonso ilembeni pa pepala lija.